Adiresi ilipo, intaneti ikugwira, koma seva sikupezeka: nkhani ya bowo nambala 14

Lachiwiri lina cha m'ma 8 koloko m'mawa, aphunzitsi a masamu analowa mothamanga mu labu ya makompyuta pasukulu ina imene ndimathandizako kusamala netiweki. Mayeso oyeserera a Fomu 4 amayamba 10 koloko, ndipo pepala la mafunso linali pa laputopu yawo. Amafuna kuliika pa seva ya mafayilo kuti a mu ofesi alitenge pamenepo n'kulipulinta. Pasukulupo mafulashi ndi oletsedwa chifukwa cha mavairasi, ndipo pepala la mayeso silitumizidwa pa imelo kuopa likasa. Njira inali imodzi basi, ya pa seva.

Anatenga kebulo, n'kulumikiza laputopu ku soketi ya netiweki imene ili pakhoma pafupi ndi zenera. Kagetsi kanayaka. Anatsegula intaneti, inatseguka bwinobwino. Koma atalemba `\\192.168.20.5`, yomwe ndi adiresi ya seva, laputopu inazungulira kwa kanthawi kenako n'kuyankha kuti `Windows cannot access \\192.168.20.5`.

"Achimwene, seva yanu yafa," anatero.

"Madamu, taonani uko," ndinayankha. Pa desiki yoyandikana nayo panali mtsikana wa Fomu 3 amene anali atatsegula foda yake pa seva yomweyo popanda vuto lililonse.

Seva inali ya moyo. Kebulo inali yabwino, chifukwa intaneti imadutsa. Nanga vuto linali pati? Tiyeni tiyende limodzi mmene tinalifufuzira, chifukwa phunziro lake ndi limodzi: kulandira adiresi sikutanthauza kuti mwalowa mu netiweki yoyenera.

Choyamba, werengani adiresi imene mwapatsidwa

Ndisanachite chilichonse ndinazimitsa kaye wayifayi ya laputopuyo. Laputopu ikakhala pa wayifayi ndi pa kebulo nthawi imodzi, imakhala ndi maadiresi awiri, ndipo munthu umatha kusokonezeka osadziwa kuti uthenga ukudzera kuti. Kenako ndinatsegula `Command Prompt` n'kulemba `ipconfig`. Zinatuluka ndi izi:

```
IPv4 Address. . . . . : 192.168.30.47
Subnet Mask . . . . . : 255.255.255.0
Default Gateway . . . : 192.168.30.1
```

Mizere itatuyi ikunena zambiri. Mzere woyamba ndi adiresi ya laputopu pa netiweki. Madamu sanailembe okha. Inachokera ku ntchito yotchedwa DHCP, imene imagawa maadiresi kwa chipangizo chilichonse chimene changolumikizidwa kumene. DHCP ikanakhala kuti sinayankhe, `Windows` ikanadzipatsa yokha adiresi yoyamba ndi 169.254, ndipo apo tikanayamba kukayikira kebulo kapena soketi. Koma apa adiresi inali yeniyeni, yochita kupatsidwa.

Mzere wachiwiri, umene timati masiki, ndi umene umauza laputopu kuti anzake a pa netiweki imodzi ndi ati. Masiki ya 255.255.255.0 imatanthauza kuti manambala atatu oyambirira a adiresi ndi dzina la netiweki, ndipo nambala yachinayi ndi ya chipangizocho. Choncho laputopu ya Madamu inali chipangizo nambala 47 mu netiweki ya 192.168.30. Mzere wachitatu ndi chipata, kutanthauza rauta imene laputopu imaipatsira uthenga uliwonse wopita kunja kwa netiweki yakeyo.

Ndinamupempha mtsikana uja kuti alembenso `ipconfig` pa kompyuta yake. Yake inaonetsa 192.168.20.61, chipata 192.168.20.1.

Mwaona kusiyana kwake? Seva ndi 192.168.20.5. Kompyuta ya mtsikana ndi 192.168.20.61. Zonse ziwiri zili mu 20. Laputopu ya Madamu yokha ndi imene ili mu 30. Makompyuta awiri ali m'chipinda chimodzi, makebulo awo akupita ku swichi imodzi, koma ali m'manetiweki awiri osiyana. Nambala yachitatu ija ndi imene inandipatsa poyambira.

Chachiwiri, onani pamene uthenga ukuthera

Sindinafune kungoganizira, ndiye ndinayesa ndi `ping`. Komandi imeneyi imatumiza kauthenga kakang'ono kwa chipangizo china n'kudikira yankho, ndipo pa `Windows` imayesa kanayi. Ndinayamba ndi chapafupi, kenako chakutali.

```
ping 192.168.30.1
ping 192.168.20.5
```

Chipata chinayankha kanayi konse. Apa ndinatsimikiza kuti kebulo, soketi ndi swichi zikunyamula uthenga kupita ndi kubwera. Koma seva sinayankhe ngakhale kamodzi. Mizere inayi yonse inali `Request timed out.`

Pano chenjerani. Kusayankha `ping` sikuti nthawi zonse ndi umboni wakuti njira yatsekeka, chifukwa makompyuta ena amaikidwa kuti asamayankhe `ping` ngakhale ali moyo. N'chifukwa chake ndinayesa komandi yomweyo pa kompyuta ya mtsikana uja. Kumeneko seva inayankha nthawi yomweyo. Monga mmene mumachitira mu labu ya sayansi, ndinali ndi choyerekezera: seva ndi yomweyo, komandi ndi yomweyo, chasintha ndi malo amene ndikufunsira.

Kodi VLAN n'chiyani?

Kuti mumvetse chimene chinachitika, tiyambe ndi swichi. Swichi ndi kabokosi kokhala ndi mabowo ambiri olowetsamo makebulo. Amisiri bowo lotere amalitchula kuti poti. Yathu ili ndi mabowo 24, ndipo soketi iliyonse ya pakhoma ili ndi kebulo yake yopita ku bowo limodzi. Pa swichi wamba, mabowo onse ali ngati anthu okhala mu holo imodzi: wina akafuula, aliyense amamva.

Kufuulaku si nthabwala, makompyuta amachitadi. Laputopu ikangolumikizidwa imakhala ilibe adiresi ndipo sidziwa kuti wogawa maadiresi ali kuti, ndiye imatumiza uthenga wopita kwa onse wofunsa kuti, "Alipo wondipatsa adiresi?" Ikafunanso kulankhula ndi mnzake wa mu netiweki yake, imafunsa kwa onse kuti, "Mwini wake wa adiresi yakutiyakuti ndani?" Kafunsidwe kachiwirika dzina lake ndi ARP.

Tsono VLAN ndi makoma amene timamanga mkati mwa holo ija, osati ndi njerwa koma ndi makomandi. Timauza swichi kuti mabowo awa ndi a gulu 20, awa ndi a gulu 30. Zikatero uthenga wa kwa onse wochokera mu gulu 30 umamveka m'mabowo a gulu 30 okha. Swichi ndi imodzi, koma ikugwira ntchito ngati maswichi awiri osalumikizana.

Pasukulupo tinagawa chonchi. VLAN 20 tinaitcha `LABU`, ndipo muli makompyuta a mu labu ndi seva ya mafayilo. VLAN 30 tinaitcha `ALENDO`, ndipo ndi ya anthu obwera kudzachita misonkhano. Wofuna kuchoka mu gulu lina kupita mu linzake ayenera kudzera pa rauta, ndipo pa rauta tinaikapo lamulo lakuti a mu 30 apite pa intaneti, koma asalowe mu 20. Tinachita dala, kuti mlendo asamaone mafayilo a sukulu.

Mwina mukufunsa kuti, nanga rauta imadziwa bwanji gulu limene uthenga wachokera, pomwe kebulo yochoka ku swichi kupita ku rauta ndi imodzi? Bowo la kebulo imeneyo ndi lapadera, timalitcha tiranki, ndipo limanyamula magulu onse. Uthenga ukamatuluka pa tiranki, swichi imauphatika kachizindikiro ka mabayiti 4, ndipo mkati mwake muli nambala ya VLAN. Dongosolo limeneli ndi la IEEE 802.1Q. Nambalayo imatenga mabiti 12, ndipo zimene zimagwiritsidwa ntchito ndi kuyambira 1 mpaka 4094. Mabowo enawo, amene timalumikizako makompyuta, lililonse limakhala la gulu limodzi lokha, ndipo kachizindikiro kaja sikafika kwa kompyuta.

Mfundo yomalizayi igwireni bwino. Laputopu siona nambala ya VLAN. Sisankha gulu, ndipo siingakuuzeni kuti ili mu gulu liti. Chimene chimasankha ndi bowo la pa swichi limene kebulo yake yalowa.

Tsopano zizindikiro zonse zikugwirizana

Taganizani kuti bowo la Madamu lili mu VLAN 30. Laputopu yafuula kupempha adiresi. Mfuuwo wafika pa rauta uli ndi chizindikiro cha 30. Rauta yathu, yomwe ndi imenenso imagawa maadiresi, yatenga adiresi pa mndandanda wa alendo n'kupereka 192.168.30.47. DHCP sinalakwitse chilichonse, yayankha molingana ndi kumene funso lachokera.

Madamu atsegula intaneti. Uthenga wapita pa chipata, lamulo likulola, zatheka.

Kenako afuna seva. Laputopu yayang'ana masiki n'kuona kuti 192.168.20.5 si ya mu netiweki yake, ndiye yapereka uthengawo ku chipata. Rauta yaona kuti ndi wa mu 30 akufuna kulowa mu 20, ndipo yautaya. Laputopu yadikira yankho mpaka nthawi yatha.

Ganizo limodzi linafotokoza zinthu zitatu zonse: adiresi yachilendo, intaneti yogwira, ndi seva yosapezeka.

Mtsikana uja amamvetsera, ndipo anafunsa funso labwino. "Sala, bwanji osangolemba pamanja adiresi ya 20 pa laputopupo?"

Nthawi inalipo pang'ono, ndiye tinayesa. Tinalemba 192.168.20.147, adiresi imene ndimadziwa kuti palibe akuigwiritsa ntchito, ndi chipata 192.168.20.1. Zinthu zinangoipiraipira. `ping` ya ku seva inabweza `Destination host unreachable`, ndipo intaneti nayonso inaduka. Chifukwa chake n'chakuti tsopano laputopu imakhulupirira kuti seva ndi mnzake wa chipinda chimodzi, ndiye m'malo mopita ku chipata imafuula ndi ARP kufunsa mwini wake wa 192.168.20.5. Koma imafuulira mkati mwa makoma a VLAN 30, momwe mulibe seva ndiponso mulibe chipata cha 20. Adiresi yolakwika ija inali chizindikiro chabe cha matenda. Matenda enieni anali pa swichi. Tinabwezeretsa laputopu kuti izilandira adiresi yokha, ndipo inatenganso 192.168.30.47.

Kupeza bowo lenileni

Chinatsala ndi kudziwa kuti soketi ya pazenera ikupita ku bowo liti. Pa soketipo panali kapepala kolemba nambala, koma kanali katafufutika. Ndikanatha kutsegula kabati n'kumatsatira makebulo ndi dzanja, koma onse ndi abuluu ndipo ndi omangidwa pamodzi. Njira yachidule ndi kufunsa swichi yomweyo.

Kadi iliyonse ya netiweki ili ndi nambala yakeyake yotchedwa MAC. Imeneyi siichokera kwa DHCP, imabwera ndi chipangizocho. Swichi ikalandira uthenga, imalemba pa tebulo lake kuti MAC yakuti yamveka pa bowo lakuti. Pa laputopu ndinalemba `ipconfig /all` n'kuyang'ana mzere wa `Physical Address` pansi pa kadi ya kebulo, osati ya wayifayi. Tiyerekeze kuti inali `00-00-5E-00-53-2A`.

Swichi yathu ndi ya Cisco, ndipo imalemba nambala yomweyo m'magulu atatu olekanitsidwa ndi madontho. Nditalowa mu swichi kuchokera pa kompyuta yanga, ndinalemba:

```
show mac address-table address 0000.5e00.532a
```

Yankho lake linali ili:

```
Vlan    Mac Address       Type       Ports
  30    0000.5e00.532a    DYNAMIC    Gi0/14
```

Basi, wagwidwa. Laputopu ya Madamu ili pa bowo nambala 14, ndipo swichi ikuiona mu VLAN 30. Komandi ya `show vlan brief`, imene imaonetsa gulu lililonse ndi mabowo ake, inatsimikiza kuti mabowo onse a mu labu ali pansi pa `LABU` kupatula 14, limene linali pansi pa `ALENDO`. Kenako ndinaona zimene zinalembedwa pa bowolo:

```
show running-config interface Gi0/14
```

```
interface GigabitEthernet0/14
 switchport access vlan 30
 switchport mode access
```

Apa m'pamene ndinakumbukira, ndipo manyazi anandigwira. Milungu itatu m'mbuyomo mu labu munachitikira msonkhano, ndipo mlendo wina amafuna intaneti ya pa kebulo. Ndine ndemwe amene ndinasamutsira bowo 14 ku VLAN 30 kuti asaone seva. Msonkhano utatha sindinabwezeretse, ndipo sindinalembe paliponse. Palibe anadandaula chifukwa pa soketi ya pazenera sipakhala kompyuta.

Kukonza, ndi msampha womaliza

Ndisanasinthe ndinadzifunsa funso limodzi: kodi bowo limeneli likuyeneradi kukhala mu 20? Funsoli n'lofunika, chifukwa nthawi zina bowo limakhala mu gulu la alendo mwadala, ndipo kulisintha kuli ngati kuboola mpanda. Pa pepala lathu la mapulani, mabowo 1 mpaka 20 ndi a `LABU`. Ndiye ndinalemba:

```
configure terminal
interface Gi0/14
switchport access vlan 20
end
```

"Yeseraninso, Madamu."

Anayesa, koma seva osapezeka. Anayesa intaneti, nayonso zii. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana wotchi. Nthawi inali 8:40.

Palibe chimene chinawonongeka. Bowo linali litasamukira ku 20, koma laputopu inali isakudziwa, pakuti kwa iyo kebulo sinazulidwe ndipo kagetsi sikanazime. Inali ikadagwiritsabe adiresi ya 192.168.30.47 n'kumafunafuna chipata cha 30 mkati mwa VLAN 20. Ndi vuto lomwe lija tinaliona poyesa ganizo la mtsikana, kungoti latembenuka. Adiresi ya DHCP ndi yobwereka kwa nthawi yoikika, ndipo laputopu sifunsanso msanga pokhapokha itakakamizidwa. Mankhwala ake ndi kuzula kebulo n'kuibwezeretsa, kapena kulemba makomandi awiri awa:

```
ipconfig /release
ipconfig /renew
```

Yoyamba imabweza adiresi yakale, yachiwiri imapempha yatsopano. Patapita masekondi ochepa panatuluka 192.168.20.73, chipata 192.168.20.1. Seva inayankha `ping` kanayi konse, foda inatseguka, ndipo pepala la masamu linalowa nthawi isanakwane 9 koloko.

Ine ntchito inali isanathe. Pa swichi zamtunduwu, zimene wasintha zimakhala mu `running-config`, yomwe imafufutika magetsi akazima. Swichi ikayakanso imawerenga `startup-config`. Tsiku la msonkhano lija ndinasunga bowo 14 lili mu 30, choncho ndikanapanda kusunganso, kuzima kwa magetsi kotsatira kukanabweretsa vuto lomwelo. Ndinalemba:

```
copy running-config startup-config
```

Ndinaikanso mawu ofotokoza pa bowolo ndi komandi ya `description`, n'kumata kapepala katsopano pa soketi kolemba 14.

Osati nthawi zonse ndi VLAN

Musachoke pano ndi maganizo akuti seva ikasowa ndiye kuti ndi VLAN basi. Adiresi ija ndi imene imakulozerani kolowera.

Ikayamba ndi 169.254, ndiye kuti DHCP sinamve pempho. Yambani ndi kebulo ndi soketi. Zingathekenso kuti bowo lili mu VLAN imene ilibe wogawa maadiresi, kapena imene sikuloledwa kudutsa pa tiranki.

Ikakhala ya mu netiweki yoyenera, ndipo seva ikuyankha mukalemba manambala ake koma osayankha mukalemba dzina lake, vuto ndi lomasulira mayina, la DNS. Seva ikakufunsani pasiwedi n'kukukanani, dziwani kuti njira ili bwino, nkhani ndi ya chilolezo.

Ikakhala ya mu netiweki ina, monga zinalili kwa Madamu, kayikirani VLAN, komabe tsimikizani. Mwina bowo linalembedwa bwino, koma wina analowetsa kebulo ya soketiyo pa bowo lolakwika mu kabati, ndipo apo chofunika ndi kusuntha kebulo, osati kusintha makomandi. Mwinanso wina walumikiza karauta kake ka kunyumba, ndipo kakugawa maadiresi akeake. Tebulo la MAC limasiyanitsa zimenezi. Likaonetsa kuti laputopu ili mu VLAN yoyenera koma adiresi ndi yachilendo, funani wogawa maadiresi wachiwiri. Mzere wa `DHCP Server` pa `ipconfig /all` umakuuzani amene wapereka adiresiyo.

Pali kayesedwe kena kachangu kamene sikafuna n'komwe kulowa mu swichi. Tengani laputopu yovutayo, ilumikizeni pa soketi ya kompyuta imene ikugwira bwino. Ikalandira adiresi yoyenera n'kupeza seva, laputopu ilibe mlandu, vuto latsalira pa soketi ija ndi bowo lake. Tsiku limenelo kayesedweka kakanawapulumutsa Madamu m'mphindi ziwiri, ndipo ndikuvomera kuti ndinakakumbukira mochedwa.

Kulowa mu swichi ndi kusintha mabowo ndi ntchito ya amene anapatsidwa udindowo, ndipo musayese pa netiweki ya sukulu popanda chilolezo. Koma `ipconfig` ndi `ping` sizisintha chilichonse, ndipo mukhoza kuziyesa aphunzitsi anu akalola. Mukadzalowanso mu labu, lembani `ipconfig` pa makompyuta awiri oyandikana, muyerekeze manambala atatu oyambirira ndi chipata. Tsiku limene imodzi idzakane kupeza seva, simudzapita kwa woyang'anira labu n'kungoti "netiweki yafa". Mudzati, "Sala, yanga yalandira 30 pomwe anzanga onse ali mu 20, ndipo chipata chikuyankha koma seva ayi." Ndi mawu amenewo, mwamuchepetsera kale theka la ntchito.